Injini Ikamanjenjemera, Kagetsi ka Cheki Injini N'kumaphethira

Galimoto zambiri zodutsa pa Mlangeni, pakati pa boma la Ntcheu ndi Lizulu, sizikhala zopepuka. Sienta yonyamula anthu imakhalanso ndi matumba a mbatatesi kumbuyo, Probox imadzaza kabichi ndi tomato mpaka kudenga, ndipo msewu wa M1 m'dera limeneli ndi wa zitunda ndi zitsetse. Pamsewu wotere injini siitha kubisa matenda ake. Dalaivala akaponda moto pachitunda, galimoto imayamba kugwedezeka, mphamvu n'kuchepa, kenako kagetsi kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini kamayaka padashibodi. Ambiri amati, "Ndi cheki injini chabe, tikaonetsa ku Lilongwe," n'kupitiriza ulendo. Nthawi zina amakafikadi bwinobwino. Koma pali nthawi zina pamene ulendo wopitirizawo ndi umene umasandutsa vuto la pulagi imodzi kukhala ntchito yomasula injini yonse, ndipo dalaivala akhoza kudziwa yekha, ali pampando wake, kuti ali pa nthawi iti mwa ziwirizi.

## Chimene chimagwedeza injini

Tiyeni titenge injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, yomwe ili mu Probox, mu Sienta zambiri ndi mu Fielder. Ili ndi masilinda anayi. Mu silinda iliyonse mumalowa mpweya wosakanikirana ndi petulo, pisitoni imaupanikiza, pulagi imathetheka, ndipo kuyaka kumeneko kumakankha pisitoni kupita pansi. Masilindawa sayaka nthawi imodzi. Amalandirana motere: yoyamba, yachitatu, yachinayi, yachiwiri, kenako n'kuyambiranso. Zili ngati amayi anayi akusinja mumtondo umodzi, misi ikugwa molandirana. Mmodzi akaphonya nthawi yake, ngakhale munthu wodutsa panjira amamva kuti kasinjidwe kasokonekera.

Silinda imodzi ikalephera kuyaka, injini imataya gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake, ndipo kankho lomwe limayenera kubwera panthawiyo silibwera. Injini imazungulira motsimphina. Kumeneko ndiko kunjenjemera komwe mumamva pachiwongolero, pagiya ndi pampando. Ku ekizozi kumamveka phu, phu, phu wosalongosoka, ndipo nthawi zambiri kumatuluka fungo la petulo wosapsa.

Silinda imafuna zinthu zitatu zokha kuti iyake: moto wa pulagi panthawi yake, petulo ndi mpweya pamlingo woyenera, ndiponso kuti pisitoni ipanikize popanda mpweya kuthawa. Silinda iliyonse yophonya yasowa chimodzi mwa zitatuzi. Ntchito yonse ya makaniko ndi kupeza kuti chasowa ndi chiti.

## Kuyaka ndi kuphethira n'zosiyana

Kompyuta ya galimoto ilibe maso oonera m'kati mwa silinda. Imadalira sensa yomwe imawerenga liwiro la kirankishafiti, chitsulo chachikulu chija chomwe mapisitoni onse amazunguza. Silinda ikayaka bwino, chitsulochi chimathamangirako pang'ono. Ikaphonya, chimazengereza kwa kanthawi kochepa kwambiri. Kompyuta imawerenga kuzengereza kumeneku, ndipo poti imadziwa silinda yomwe imayenera kuyaka panthawiyo, imatha kuloza yolakwayo.

Kagetsi kakayaka n'kungokhala koyaka, kompyuta ikunena kuti yapeza vuto ndipo yalisunga. Vutolo likhoza kukhala la kuphonya kwa apo ndi apo, kapena lina losakhudzana n'komwe ndi masilinda, pakuti kagetsi kameneka kamayakira zifukwa zambirimbiri. Ngati injini ikuyenda mosalala, madzi sakutentha ndipo kagetsi ka oyilo sikanayake, mukhoza kuyenda mosamala mpaka kukafika kwa makaniko m'masiku ochepa.

Kagetsi kakamaphethira, nkhani ndi ina. Kuphethira kuli ndi tanthauzo limodzi: silinda ikuphonya pafupipafupi panopa, pamlingo wowononga katalisiti. Opanga galimoto anasungira chizindikiro chimenechi vuto lokhali. Kawirikawiri kamaphethira pachitunda, mukafika poyalana n'kusiya, kenako n'kutsala kali koyaka. Kusiya kuphethirako si kuchira. Mwangochepetsa katundu pa injini.

Palinso galimoto zina zakale zochokera ku Japan zomwe kompyuta yake siiwerenga kuphonya konse. Zoterezi zimatha kunjenjemera ulendo wonse dashibodi ili zii. Pamenepo thupi lanu ndi makutu anu ndiye sensa.

## Petulo wosapsa amapita kuti?

Apa ndi pamene pali chifukwa chenicheni chochitira changu. Silinda ikalephera kuyaka, petulo yemwe analowamo sasowa. Pisitoni imamukankhira ku ekizozi pamodzi ndi mpweya wosagwiritsidwa ntchito. Chinthu choyamba chomwe amakumana nacho ndi katalisiti, chigubu chachitsulo chomwe m'kati mwake muli dongo lowotcha la timabowo tambirimbiri, lopakidwa zitsulo zamtengo wapatali monga pulatinamu, paladiyamu ndi rodiyamu. Ntchito yake ndi kumaliza kuwotcha tizotsalira tochepa ta mu utsi. Pantchito yake yamasiku onse imatentha madigiri apakati pa 400 ndi 800. Mukaithira petulo wathunthu pamodzi ndi mpweya, petuloyo amayakira momwemo, kutentha n'kupitirira madigiri 1,000, ndipo dongo lija limayamba kusweka kapena kusungunuka, timabowo n'kutsekeka.

Tiwerenge pang'ono. Injini ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi, silinda iliyonse imayenera kuyaka ka 1,250. Ulendo wochoka pa Mlangeni kukafika ku Lilongwe umatenga pafupifupi maola awiri. Ngati silinda imodzi yaferatu, ndiye kuti paulendo umodzi wokha mwatumiza petulo wosapsa ku katalisiti pafupifupi ka 150,000. Makompyuta ena amatseka petulo wopita ku silinda yophonya pofuna kuteteza katalisiti, koma si onse, ndipo dalaivala sangadziwe ali pamsewu kuti yake ndi ya mtundu uti.

Pali chinthu china chomwe chimaipitsa zinthu. Sensa ya okosijeni ya pa ekizozi siinunkhiza petulo, imangoyeza mpweya wotsala. Silinda ikaphonya, mpweya wambiri umadutsa osapsa, ndiye sensa imauza kompyuta kuti petulo wachepa. Kompyuta imawonjezera petulo ku masilinda onse. N'chifukwa chake galimoto yophonya imamwa mafuta modabwitsa, pamene mphamvu ilibe.

Petulo wina sapita ku ekizozi. Amatsikira m'mbali mwa silinda, n'kutsuka oyilo yemwe amateteza maring'i a pisitoni, kenako n'kukasakanikirana ndi oyilo wa pansi. Oyilo wosungunuka ndi petulo sateteza zitsulo. Mukasolola chitsulo choyezera oyilo n'kumva fungo la petulo, kapena n'kuona kuti oyilo wakwera pamene simunawonjezere, dziwani kuti zafika pamenepo. Ndipo katalisiti yofiira ndi moto ndi yoopsa payokha: kuimika galimoto yotere paudzu wouma wa m'mphepete mwa msewu mu Seputembala kapena Okutobala n'kuyatsa tchire pansi pa galimoto yanu.

## Sienta ya pachitunda

Tiyerekeze Sienta ya injini ya 1NZ-FE yomwe yayenda makilomita opitirira 150,000. M'mawa wa mu Julaye, kuli nkhungu ndi chisanu cha kumapiri a Ntcheu, injini inadzuka ikugwedezeka pang'ono, itatentha n'kukhala bwino. Mwiniwake sanalabadire. Patapita sabata, atanyamula anthu ndi mbatatesi, pachitunda galimoto inayamba kudukiza, kagetsi n'kuphethira.

Chifukwa chiyani pachitunda? Mukaponda moto kwambiri, mu silinda mumalowa mpweya wochuluka, ndipo mpweya wopanikizika kwambiri umavuta kuti moto udumphe pakamwa pa pulagi. Pamafunika magetsi amphamvu kuposa a nthawi zonse. Pulagi yatsopano ya injini imeneyi imakhala ndi mpata wa pafupifupi milimita 1.1. Ikamatha, mpatawo umakula, ndipo koilo imakakamizika kutulutsa mphamvu zambiri. Magetsi amasankha njira yapafupi. Ngati mphira wa koilo uli ndi kamng'alu, makamaka kukakhala chinyontho, moto umadumphira m'mbali m'malo modumphira pakamwa pa pulagi. Chotero pulagi yakutha ikasiyidwa nthawi yaitali imapha koilo yake.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kulumikiza makina owerengera pa soketi ya OBD-II, yomwe ili pansi pa chiwongolero. Manambala okhudza kuphonya ndi awa:

```
P0300
P0301
P0302
P0303
P0304
```

Nambala yomaliza ndi ya silinda. P0302 ikutanthauza kuti silinda yachiwiri ndi imene ikuphonya. P0300 ikutanthauza kuti kuphonya kukudumphadumpha kapena kuli m'masilinda angapo. Pa injini imeneyi silinda yoyamba ndi ya kumbali komwe kuli tcheni ndi lamba, zinazo n'kumatsatira motsatana.

Sienta yathu yaonetsa P0302. Nambalayi yatchula silinda, sinatchule chipangizo chowonongeka, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Wina amagula makoilo anayi nthawi yomweyo. Makaniko wabwino sagula kanthu kaye. Injini imeneyi ili ndi koilo yakeyake pa pulagi iliyonse, yomangidwa ndi bawuti imodzi, ndiye amachotsa koilo ya silinda yachiwiri n'kuisinthanitsa ndi ya silinda yachinayi. Amalemba nambala ija papepala, amaifufuta, n'kukayesa galimoto pachitunda chomwecho. Ikabwera P0304, vuto latsatira koilo, ndipo mlandu watha. Ikabweranso P0302, koilo ilibe mlandu. Amasinthanitsa pulagi, yachiwiri kupita pa silinda yachitatu. Ikabwera P0303, ndi pulagi. Ikakakamirabe pa P0302, ndiye kuti moto uli bwino, kwatsala petulo ndi kupanikiza.

Pa Sienta yathu nambala inasamukira pa P0304. Koma makaniko atayang'ana m'dzenje momwe munali koiloyo, anapeza oyilo. Mphira wa chivundikiro cha pamwamba pa injini unali utauma, oyilo n'kumadonthera m'dzenje la pulagi ndi kufewetsa mphira wa koilo. Akanangoika koilo ina n'kutseka boneti, mwini galimoto akanabweranso patapita miyezi yochepa, akudandaula kuti anamugulitsa koilo yabodza. Ntchito yoyenera inali koilo imodzi, mphira wa chivundikiro, mapulagi onse anayi poti anali ausinkhu umodzi, ndi kusintha oyilo chifukwa anali atayamba kununkha petulo.

Pulagi yochotsedwa imanenanso zake. Yabwino imakhala yotuwira mofiirira pang'ono. Yakuda ndi mwaye wouma ikusonyeza kuti petulo akuchuluka. Yonyowa ndi petulo siikuthetheka konse. Yonona ndi oyilo kumutu kwake ikuloza ku maring'i kapena timphira ta mavalavu. Yoyera mbee ngati yotsukidwa, pamene zinzake zili ndi mtundu wamasiku onse, ndi yoopsa kuposa zonsezi, chifukwa nthawi zambiri chimaitsuka ndi madzi a muradiyeta olowa mu silinda kudzera pa gasiketi yopsa.

## Vuto likakana kusamuka

Koilo ndi pulagi zikapezeka zosalakwa, makaniko amatembenukira ku injekita ya silinda imeneyo. Amagunditsa sikuludiraiva yaitali pa injekita, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu. Yamoyo imamveka tiki, tiki, tiki mosalekeza. Koma kulira sikutsimikiza kuti ikupopera bwino, pakuti ikhoza kukhala yotsekeka ndi zinyalala. Nayonso imasinthanitsidwa ndi inzake, ngakhale ntchito yake ndi yaikulupo.

Chomaliza ndi kuyeza kupanikiza. Amachotsa mapulagi onse, amatseka petulo, amamanga geji pabowo la pulagi n'kuliza sitata, silinda iliyonse payokha. Chofunika kwambiri si nambala yeniyeniyo koma kufanana kwa masilinda. Imodzi ikatsika kuposa zinzake ndi gawo lopitirira 10 pa 100 alionse, pali pothawira mpweya. Akathira oyilo pang'ono pabowolo n'kuyezanso, nambala ikakwera ndiye kuti maring'i atha. Ikapanda kusintha, valavu yapsa kapena gasiketi yaboola. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, kawirikawiri ndi gasiketi yapsa pakati pawo. Apa palibe pulagi kapena koilo yomwe ingathandize, ndipo makaniko woona mtima amakuuzani zimenezi musanagule chilichonse.

## P0300 ndi mafuta a m'zigubu

Kuphonya kukakhala m'masilinda onse, musayambe ndi makoilo. Makoilo anayi safa tsiku limodzi. Funsani chomwe masilinda onse amagawana: petulo, mpweya ndi pampu.

Funso loyamba n'lakuti munathira kuti mafuta komaliza. Mafuta atasowa m'dziko muno, monga zinachitikira mu 2022 ndi mu 2024, anthu ambiri anathira petulo wa m'zigubu, ndipo m'madera a m'malire ngati kuno, komwe Mozambique ili tsidya la msewu, zigubu sizisowa. Si petulo yense wa m'chigubu amene ali woipa. Koma chigubu chimasunga madzi ndi fumbi, ndipo pali ena osaopa Mulungu omwe amasakaniza ndi parafini. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwanso ndi ethanolo wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa. Ethanoloyo amakoka chinyontho, ndipo madzi akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pomwe pampu imakokera. Kuyeza kwake n'kosavuta: thirani mafuta pang'ono ochokera mu thanki m'botolo loonekera m'kati, mulisiye kwa mphindi zingapo. Mukaona mzere wogawa zamadzimadzi ziwiri, thanki iyenera kukhuthulidwa.

P0300 ikabwera pamodzi ndi P0171, kompyuta ikunena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Ngati injini imanjenjemera kwambiri galimoto itaima koma imasalala mukaponda moto, funani paipi ya mphira yong'ambika yomwe ikulowetsa mpweya wakuba. Ngati itaima ili bwino koma imafooka pachitunda, ganizirani pampu yotopa kapena sefa ya petulo yotsekeka. Fumbi la misewu yadothi ya m'dera la Tsangano limadetsanso sensa yoyeza mpweya, makamaka sefa ya mpweya ikakhala yong'ambika.

Minibasi za dizilo zilibe mapulagi othetheka, choncho kuphonya kwake kumachokera ku mainjekita, mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta, madzi kapena kuchepa kwa kupanikiza. Injekita ya dizilo yodontha ikhoza kuboola pisitoni, ndiye nayonso si yoyenda nayo.

## Si kunjenjemera konse kumene kuli kuphonya

Vitz ndi Passo za injini ya 1KR-FE zili ndi masilinda atatu okha, ndipo zimagwedezeka pang'ono zikaima ngakhale zili bwino. Mphira zogwira injini zikatha, galimoto imanjenjemera mukaika giya mutaponda buleki, koma ku ekizozi kumamveka mosalala ndipo mphamvu siichepa. Kugwedezeka komwe kumabwera pa liwiro lina lake, n'kumapitirira ngakhale mutachotsa phazi pamoto, ndi kwa matayala. Kuphonya kumadziwika poti kumatsatira injini osati msewu, ndipo kumabwera ndi kuchepa kwa mphamvu.

## Zikakugwerani pamsewu

Kagetsi kakayamba kuphethira, chotsani phazi pamoto, mupeze malo abwino oimapo opanda udzu wouma, muzimitse injini. Yang'anani geji ya kutentha, oyilo, ndi madzi m'kabotolo ka pambali. Chitsekero cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha. Onani ngati pulagi ya mawaya ya pa koilo iliyonse yalowa bwino, pakuti mabampu amatha kuisolola. Mukaliza injini, kagetsi n'kusiya kuphethira, mukhoza kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa makaniko wapafupi, mutatsitsa katundu ngati n'kotheka. Wapafupi ndiye kuti pa Mlangeni pomwepo, pa Lizulu kapena pa boma la Ntcheu, osati Lilongwe kapena Blantyre. Kusinthanitsa makoilo sikufuna galaja yaikulu; ngakhale popanda makina owerengera, makaniko amatha kupeza silinda yakufa posolola waya wa injekita imodziimodzi kwa kamphindi. Yomwe akaisolola injini siisintha kaliridwe, ndiyo yakufayo.

Koma ngati kagetsi kakuphethirabe ngakhale mukuyenda pang'ono, ngati kukutuluka utsi woyera wochuluka, madzi akuchepa, geji ya kutentha ikukwera, kapena mukumva kugogoda kwa zitsulo, galimotoyo ikokedwe.

## Njira zachidule zomwe zimadula

Pali chizolowezi chochotsa waya wa batire kuti kagetsi kazime. Kamazimadi, koma pamodzi ndi iko mumafufuta nambala ya vuto ndi zonse zomwe kompyuta inasunga za nthawi yomwe linachitika: liwiro la injini, kutentha kwake, ndi katundu yemwe inali nayo. Makaniko amayamba kufufuza mumdima. Dziwaninso kuti timakina totchipa tina towerengera sitimvana ndi galimoto zina zomwe zinapangidwira msika wa ku Japan, ndiye tikalephera kulumikiza, si umboni woti kompyuta ya galimoto yafa.

Pa mapulagi, gulani nambala yomwe inalembedwera injini yanu. Mapulagi wamba amafuna kusinthidwa pa makilomita apakati pa 20,000 ndi 30,000, pamene a iridiyamu amatha kufika 100,000. Pamsika pali mapulagi achinyengo olembedwa maina a NGK ndi Denso, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndiwo chenjezo loyamba. Koilo yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera pa injini ya mtundu womwewo nthawi zambiri imaposa yatsopano yopanda dzina, bola muiyese pachitunda musanalipire zonse.

Katalisiti ikatsekeka, galimoto imalira bwino itaima koma imakana kuthamanga, ndipo mukagogoda chigubu chake chitazizira mumamva zidutswa zikuchita phokoso m'kati. Ambiri amangoiboola n'kukhuthula dongolo, mwinanso n'kuligulitsa. Galimoto imayendadi, ngakhale utsi wake umakhala woipa kwa anthu ogulitsa malonda m'mphepete mwa msewu. Pa galimoto zomwe zili ndi sensa yachiwiri kuseri kwa katalisiti, kompyuta imalemba P0420 ndipo kagetsi kamakhala koyaka mpaka kalekale. Dalaivala amakazolowera, ena amafika pokamata ndi tepi yakuda, ndipo tsiku lomwe koilo ina idzafe, kuphethira kwake sadzakuona.